"Ndingakufunseni kanthu?" "Inde, funsani": mafunso ndi mayankho

Mwana amaima pakhomo la khitchini, wantchito amaima pambali pa tebulo la abwana ake, mkazi amatembenukira kwa mwamuna wake nyali atazimitsa kale, ndipo onsewo amayamba ndi mawu ofanana: "Ndingakufunseni kanthu?" Ambiri a ife tikamva mawu amenewa timafuna kuchita zambiri. Timatsimikizira munthuyo kuti ndife omasuka, timamufunsa chavuta n'chiyani, kapena timayamba kulosera nkhani yake. Ine ndimakhulupirira kuti yankho labwino koposa ndi lalifupi, "Inde, funsani," kenaka n'kutseka pakamwa. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakhala nawo akamva zimenezi.

Munthu akati "Ndingakufunseni kanthu?" amakhala akufuna chiyani kwenikweni?

Safuna kudziwa ngati malamulo amalola kufunsa. Akupempha zinthu zitatu nthawi imodzi: makutu anu, kanthawi kanu, ndi mpata woti alankhule motalikirapo inu osamudula.

Chachitatuchi ndiye chimene ambiri sitichiona. Pokambirana, anthu amalandirana mawu. Wina akamaliza chiganizo, mnzake amakhala ndi ufulu wolowapo. Choncho munthu amene ali ndi nkhani yofuna ziganizo zisanu kapena khumi amakhala pa vuto, chifukwa akangomaliza chiganizo choyamba mukhoza kumulanda mawu n'kupita nawo kwina. Ndiye amayamba wasungitsa malo. Akanena kuti ali ndi funso, inu mumadziwa kuti muyenera kudikira kufikira funsolo litatuluka, ngakhale adutse m'njira zokhotakhota.

Katswiri wina wa ku America, Emanuel Schegloff wa ku yunivesite ya California ku Los Angeles, anamvetsera zokambirana zenizeni za anthu zojambulidwa pa matepi, ndipo mu 1980 analemba za mawu omwewa monga momwe amawagwiritsira ntchito olankhula Chingerezi. Anapeza kuti kawirikawiri munthu akapempha kufunsa n'kuloledwa, chimene chimatsatira si funso ayi. Amayamba kaye kufotokoza zoyambirira: kukumbutsa za munthu wina, za tsiku lina, za kalata imene inabwera. Funso lenileni limabwera pambuyo pake. Anapezanso ntchito yachiwiri ya mawuwa, yochenjeza womvera kuti chimene chikubwerachi n'chovuta kutchula.

Mvetserani mmene anthu amalankhulira kwathu kuno ndipo mudzamva zomwezo. "Amalume, ndingakufunseni kanthu? Paja munanena kuti munda wa kudambo uja anaugawa agogo asanamwalire..." Pamenepa funso silinafike. Mnyamatayo akuyala kaye mphasa. Amalume akayankha za mundawo nthawi yomweyo, ayankha funso limene silinafunsidwe.

Nanga mawu awiri okha sakumveka ngati kuuma mtima?

Sakumveka choncho kwa amene wafunsayo. Amamveka choncho kwa inu woyankha, chifukwa mumaona ngati mwapereka zochepa.

Ganizirani za odi. Mlendo akaima pabwalo n'kunena "Odi!" mwininyumba amati "Eee, lowani," kapena "Fikani." Palibe amene amaima pakhomo n'kuyamba kufotokoza kuti nyumba yake imalandira alendo nthawi zonse, kuti mlendoyo asachite manyazi, kuti chaka chatha anabweranso ena. Akatero mlendo amangoima padzuwa. Ulemu wonse uli m'kufulumira kutsegula ndi kupereka mpando.

Funso lotsegulira nkhani lili ndi mayankho a mitundu itatu basi. Mukhoza kuloleza: "Inde, funsani." Mukhoza kutseka: "Panopa ayi." Mukhoza kuima pakati: "Zitengera kuti ndi funso lanji," kapena "Bwanji?" Wofunsayo amamvetsera kuti adziwe kuti yankho lanu lagwera mu mtundu uti, ndipo akangodziwa, china chilichonse chimene mwawonjezera chimakhala chomuchedwetsa. Choopsa n'chakuti zowonjezerazo nthawi zambiri zimasuntha yankho lanu kuchoka pa kuloleza kupita pa kuima pakati, inu musakudziwa. "Funsa, bola isakhale nkhani ya ndalama" sikuloleza. "Funsa, koma mwachangu" nakonso sikuloleza kwathunthu.

Tingaone chitsanzo cha mmene zimayendera?

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 15, wa Fomu 2, amene akukhala ndi azakhali ake m'tauni chifukwa cha sukulu. Madzulo azakhali akupatula ndiwo, iye akutsuka mapoto. Akuti, osawayang'ana: "Azakhali, ndingakufunseniko kanthu?"

Njira yoyamba, azakhali akuyankha mwamantha: "Chachitika n'chiyani? Usandiuze kuti uli ndi mimba!" Mtsikanayo tsopano ali ndi ntchito yatsopano, yokana mlandu. Akuti, "Ayi azakhali, si zimenezo." Ndipo waphunzirapo kanthu: nkhani iliyonse yokhudza amuna ikwiyitsa azakhali. Akafunsidwa kuti nanga n'chiyani, asankha funso lina losavuta. "Ndimafuna ndifunse ngati mungandigulire makope." Azakhali apuma mtima, agula makope, ndipo nkhani yeniyeni yabwerera kumene inachokera.

Njira yachiwiri, azakhali akuyankha mwachikondi chochuluka: "Mwana wanga, iwe ukhoza kundifunsa chilichonse. Ine ndili ngati mayi ako. Bambo ako atakubweretsa kuno ndinawalonjeza kuti ndidzakusamala, ndipo ndimanyadira kuti ndiwe mwana wabwino, sunandichititsepo manyazi." Mawu onsewa ndi oona ndipo akuchokera pansi pa mtima. Koma taonani chimene achita. Atenga mphindi yathunthu, ndipo pa mphindi imeneyo kulimba mtima kumene mtsikanayo anasonkhanitsa tsiku lonse kukuzirala. Akwezanso mtengo wa funsolo: mwana amene wangouzidwa kumene kuti sanachititsepo manyazi angayambe bwanji nkhani imene akuopa kuti ndi yamanyazi? Ayankha kuti "Zikomo azakhali," ndipo mwina athera pomwepo.

Njira yachitatu, azakhali akuika chipande pansi n'kunena: "Eee, funsa." Basi.

Mtsikana: "Mukuwadziwa abambo aja a pagolosale, kumene mumandituma shuga?"

Azakhali: "Eee."

Mtsikana: "Paja tsiku lina ndinabwera ndi chenji chochuluka, munati mwina analakwitsa."

Azakhali: "Ndikukumbuka."

Mtsikana: "Sanalakwitse. Akumandipatsa ndalama. Dzana anandipatsa zina, akuti ndisanene kunyumba, akuti Loweruka ndikawapeze akatseka." Akukhala chete pang'ono. "Ndiye ndimafuna ndifunse, ndikabweza ndalamazo, angandichite chipongwe?"

Taonani kuti funso lafika pa ulendo wachinayi wa kulankhula kwake. Maulendo atatu oyambawo anali kuyesa madzi: kodi azakhali akumudziwa munthuyo, kodi akukumbuka, kodi nkhope yawo yasintha? Pa malo aliwonse mwa amenewa akanatha kubwerera m'mbuyo, ndipo chimene chinamupititsa patsogolo ndi timawu tating'ono tija, "Eee," "Ndikukumbuka," timene sitinamulande nkhani. Taonaninso kuti funso lake silinali limene azakhali akanalosera. Iye anali atasankha kale kukana. Chimene ankafuna kudziwa ndi chitetezo chake. Azakhali akanadumphira pa "Usalandirenso!" akanamulangiza chinthu chimene wachidziwa kale, n'kusiya mantha ake osayankhidwa.

Pambuyo pa funsolo ndiye pamene pali malo a mawu ambiri: kumuyamikira kuti wanena, kumuuza kuti wolakwa si iye, kusiya kumutuma kumeneko, ndi kupita kukanena kumene kukuyenera. Mawu achikondi a njira yachiwiri aja apa ndiye pamalo pake.

Ndiye kuti kunena "Usaope, funsa chilichonse" n'kulakwa?

Si tchimo, ndipo nthawi zambiri funso limatulukabe. Koma mawu akuti "usaope" amauza munthu kuti mwaona mantha ake, ndipo ena akadziwa kuti aonekera amachita manyazi kawiri. Amauzanso munthu kuti mukuyembekezera nkhani yaikulu. Nanga ngati amangofuna kufunsa kumene munagula nsapato zanu? Tsopano akuona ngati funso lake ndi lopepuka kwambiri poyerekeza ndi mmene mwakonzekera, ndipo ayamba kupepesa: "Aa, si nkhani yaikulu ayi, musadandaule."

Apa ndiye pali ubwino wa yankho lalifupi umene anthu sauona. Pamene munthu akupempha kufunsa, inu simukudziwa kulemera kwa chimene wanyamula. Mawu omwewo amatsogolera funso la nsapato, pempho la ngongole, ndi nkhani ya matenda. "Inde, funsani" amakwanira pa zonsezi chifukwa sanena kalikonse za kukula kwa nkhaniyo. Yankho lina lililonse limakhala kulosera, ndipo mukalosera molakwa wofunsayo ayenera kuyamba wakonza kulosera kwanu asanafike pa zake.

Liwu lakuti "chilichonse" nalonso limalonjeza zimene simungakwanitse. Pali mafunso amene simudzafuna kuyankha, ndipo ndi bwino kusadzimanga.

Nanga nthabwala ija yakuti "Wafunsa kale"?

Pakati pa anzanu a msinkhu umodzi, pa nkhani zopepuka, imadutsa. Kwa mwana, kwa wophunzira, kwa wantchito watsopano, musainene. Munthuyo wachita chinthu chaulemu, ndipo inu mwamuonetsa kuti ulemu wakewo ndi woseketsa. Mwamukakamizanso kuseka nanu pamene mwina mtima wake uli m'mwamba. Akulu anati safunsa anadya phula, koma mwana amene wasekedwa pa khomo la funso amaphunzira kuti kudya phula kuli bwino kusiyana ndi kusekedwa.

"Chavuta n'chiyani?" ndi yofala kwambiri, ndipo imachokera ku chikondi. Vuto lake n'lakuti imatembenuza mipando: amene anabwera kudzafunsa tsopano ndiye akufunsidwa. Ayenera kutchula mutu wa nkhani m'mawu amodzi, pamene iye anakonza zoyamba ndi mbiri yake pang'onopang'ono. Mtsikana wa m'chitsanzo uja sakanatha kuyankha "chavuta n'chiyani" popanda kuyambira pa chinthu chovutitsitsa.

Ndikavomera kuti afunse, kodi ndalonjeza kuyankha kapena kupereka chimene akufuna?

Ayi. Mwalonjeza kumva basi. Anthu ambiri amazengereza pa "inde" chifukwa amaopa kuti kumbuyo kwake kuli pempho la ndalama, ndipo amayamba kudzitchinjiriza msanga: "Funsa, koma mwezi uno zinthu sizili bwino." Komatu kukana kuli ndi nthawi yake, ndipo nthawi yake ndi pamene mwamva pempholo. Mukhoza kumvetsera mpaka kumapeto kenaka n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene, koma pa ndalama sindikwanitsa," kapena "Limenelo sindingayankhe, ndi nkhani ya m'banja mwathu." Munthu wokanidwa atamvedwa amapita ndi ulemu wake. Wokanidwa asanatsegule pakamwa amapita akudziwa kuti mumamuona ngati wopemphapempha, ndipo ngati sanabwere chifukwa cha ndalama, chilonda chimenecho chimachedwa kupola.

Pali pempho lina limene limafanana ndi ili koma ndi losiyana kwambiri: "Ndikuuzeni kanthu, koma mulonjeze kuti simuuza munthu." Apa "inde" wopanda malire ndi woopsa, makamaka wolankhulayo akakhala mwana. Anthu ogwira ntchito yoteteza ana amaphunzitsidwa kusalonjeza chinsinsi asanamve nkhani, chifukwa ikakhala ya nkhanza adzayenera kuuza ena, ndipo mwanayo adzaona ngati wapusitsidwa. Yankho loona ndi lakuti: "Nena, ndikumva. Sindiulutsa nkhani yako. Koma ngati wina akukupweteka, ndidzafuna thandizo la anthu ena, ndipo ndidzayamba ndakuuza iweyo." Ndi lalitali kuposa mawu awiri chifukwa chimene wapempha n'choposa makutu.

Ndanena kuti funsani, koma munthu wangokhala chete kapena akuzungulira. Ndichite chiyani?

Dikirani. N'zovuta kuposa mmene zikumvekera, ndipo pali chifukwa chake.

Mu 2009 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Tanya Stivers linayeza nthawi imene imadutsa pakati pa funso ndi yankho m'zilankhulo khumi, kuphatikizapo Chijapani, Chidanishi, Chitaliyana, Chikoreya ndi chilankhulo china cha ku Namibia. Anapeza kuti mpatawo ndi waufupi zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Ajapani ndiwo ankayankha mofulumira koposa, Adanishi mochedwerapo, koma ngakhale ochedwawo sankafika sekondi yathunthu. Anapezanso kuti mayankho ovomera amabwera msanga kuposa okana. Chichewa sichinali m'gulu la zilankhulozo, koma aliyense wa ife amadziwa mmene mtima umagwera ukapempha kanthu mnzako n'kukhala chete kamphindi.

Zimenezi zikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, "inde" wanu afulumire. Mukachedwa naye masekondi awiri, mukuyang'anabe pa foni, wofunsayo wamva kale "ayi" ngakhale pakamwa panu patuluke "inde." Chachiwiri, chete wa masekondi atatu kapena anayi amamveka wautali kwambiri kwa inu chifukwa makutu anazolowera kulandirana mawu mwachangu, ndipo mudzafuna kumudzaza. Musamudzaze. Mutaloleza, mpata ndi wa mnzanuyo, pamodzi ndi chete wake. Iye akusankha mawu oyambira.

Pa za kuzungulira, madokotala ndiwo anaphunzira phunziro limeneli poyera. Mu 1984 Howard Beckman ndi Richard Frankel ku America anajambula odwala 74 akulankhula ndi madokotala, ndipo anapeza kuti dokotala ankadula wodwala pakangotha masekondi pafupifupi 18 chiyambireni kufotokoza. Mwa odwala anayi aliwonse, pafupifupi mmodzi yekha ndiye ankamaliza zimene anayamba kunena. Madokotala ankaopa kuti akamusiya wodwala alankhula mpaka dzuwa kulowa. Koma mu 2002, pa chipatala china ku Basel m'dziko la Switzerland, madokotala anauzidwa kuti asadule odwala, ndipo nthawi inayezedwa. Odwala ankalankhula pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, ndipo oposa atatu mwa anayi aliwonse anali atamaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Munthu wosiyidwa kuti alankhule satenga nthawi yaitali monga timaopera.

Choncho akamazungulira, muperekezeni ndi timawu tosalanda nkhani: "Eee," "Ndikumva," "Pitirizani." Mudzadziwa kuti funso lafika chifukwa iye mwini adzaima n'kukuyang'anani, kapena adzati "Ndiye ndimati ndifunse..." Akakhala chete nthawi yaitali ndithu, kapena akati "Basi, zisiyeni," musamukoke. Nenani kamodzi: "Palibe vuto, ukafuna undipeza," ndipo pitirizani ntchito imene mumagwira muli pomwepo. Ambiri amayambiranso okha pakapita kanthawi, makamaka manja a nonse awiri akakhala pa ntchito ndipo maso sakuyang'anizana.

Kodi ndi mawu okha amene akugwira ntchito?

Ayi, thupi limayankha nawo. "Funsani" wonenedwa mukuyenda kulowera ku khomo, kapena mutausa moyo, ndi kukana kovala malaya a kuvomera. Siyani chimene chili m'manja ngati n'kotheka, tsitsani wailesi, tembenukirani kwa munthuyo. Simufunika kumuyang'anitsitsa m'maso. Mwana wolankhula ndi wamkulu kwathu kuno amayang'ana pansi mwaulemu, ndipo kumuuza kuti "Tandiyang'ana" kumangomuwonjezera katundu.

Nanga wofunsayo akakhala wamkulu kwa ine, monga apongozi kapena abwana?

Kufupika kumakhalabe, chimene chimasintha ndi ulemu wa mawuwo. Kwa apongozi mukhoza kuti, "Inde amayi, ndikumva." Kwa agogo, "Wawa agogo." Kwa abwana, "Inde bwana, funsani." Ena amaona kuti kuuza wamkulu "funsani" kumamveka ngati kumulamula, ndiye amasankha "Ndikumvetsera, bambo," ndipo ali bwino kutero. Chofunika n'chakuti mawuwo abweze mpata kwa iwo mwamsanga.

Wamng'ono ali ndi chiyeso chakechake, chodziteteza asanamve. Abwana akati "Ndikufunse kanthu?" mtima umathamangira ku cholakwa cha sabata yatha, ndipo pakamwa pamayamba: "Ngati ndi za lipoti lija, bwana, magetsi anazima." Mwina abwanawo ankafuna kufunsa ngati mungapite ku maphunziro mwezi wamawa. Tsopano mwawakumbutsa za lipoti.

Koma udindo waukulu uli kwa amene ali pamwamba. Wamkulu akafunsa wamng'ono, amadziwa kuti aloledwa. Wamng'ono akafunsa wamkulu sadziwa, ndipo n'chifukwa chake ana, ophunzira ntchito ndi antchito apakhomo ndiwo amagwiritsa ntchito mawuwa kwambiri. Iwo alibe ufulu woyamba nkhani nthawi iliyonse imene afuna, choncho amapempha. Mayi wolemba wantchito wapakhomo akamva "Amayi, ndingafunseko?" adziwe kuti mtsikanayo mwina wakhala akudikira mpata umenewu kuyambira m'mawa, ndipo mmene ayankhire lero ndi mmene zidzadziwikire ngati adzafunsenso za mankhwala a mwana m'malo mongoganizira yekha mlingo wake.

Bwanji ngati ndilibedi nthawi?

Musanene "inde" wabodza. Kuloleza kumakwanira pokhapokha ngati makutu alipodi. Ngati palibe, nenani zoona ndipo tchulani nthawi yeniyeni: "Ndikufuna ndikumve bwino. Ndimalize kaye odwala awa, tikumane nthawi ya nkhomaliro." Liwu lakuti "kenaka" lopanda nthawi ndi kutseka chitseko mwaulemu, ndipo wofunsayo amadziwa zimenezo.

Nthawiyo ikakwana, muyambe ndinu: "Paja unali ndi funso." Anthu ambiri sabwera kachiwiri okha, chifukwa kupempha koyamba kuja kunawatengera mphamvu. Ngati mukukayika kuti nkhaniyo ingadikire, funso limodzi lokha ndi lololedwa: "Ingadikire mpaka madzulo, kapena ndi ya panopa?" Funso limeneli silikakamiza munthu kuulula mutu wa nkhani, limangomupatsa mwayi wonena kuti ndi yachangu. Mwana akanena kuti ndi ya panopa, mukhulupirireni.

Pa mauthenga a pafoni, anthu ena amakwiya ndi "Ndingafunse?" Amati munthu angofunsa. Akulakwa?

Ali ndi mfundo. Pamaso ndi pamaso, kupempha ndi kuloleza kumatenga masekondi awiri. Pa uthenga wolemba kungatenge theka la tsiku: wina walemba m'mawa, inu mwaona masana, mwayankha, iye data yamuthera mpaka madzulo. Pa nkhani za ntchito, wofunsa amachita bwino kulemba moni ndi funso lake lonse mu uthenga umodzi, chifukwa pa uthenga palibe amene angamudule pakati.

Koma uwo ndi uphungu wa wofunsa. Inu amene mwalandira kale uthengawo, njira yachangu koposa yofikira pa funso ndi yomweyo, "Eee, funsani." Kumulembera ndime yomuphunzitsa kafunsidwe kumatalikitsa zinthu kuposa mawu awiriwo, ndipo iye ayankha ndi kupepesa m'malo mwa funso. Ngati ndi munthu amene mumalemberana naye kawirikawiri za ntchito, yankhani kaye funso lake, kenaka muwonjezere kuti ulendo wina angolemba funsolo mwachindunji, simudandaula. Ndipo m'bale akalemba mawu amenewa pakati pa usiku, musamuwerengere za kutaya nthawi. Iye akufuna kudziwa ngati muli maso komanso ngati foni ili m'manja mwanu osati mwa wina.

Pali nthawi imene "Inde, funsani" sakwanira?

Ilipo, ndipo zizindikiro zake zimaoneka. Yoyamba ndi ya malo. Munthu akapempha kufunsa motsitsa mawu, akuyang'ana uku ndi uku, pamene pali anthu ena, ndiye kuti akupemphanso malo obisika ngakhale sananene. Kumuuza kuti afunse pomwepo, pamzere wa kuchipatala kapena pakati pa ofesi, n'kumuika pa mayeso. Nenani "Inde, tiyeni panja," kapena pezani chifukwa chomutengera pambali. Mawu akadali ochepa, mwangowonjezera mapazi.

Yachiwiri ndi ya munthu amene simukumudziwa. Woimba foni wachilendo amene akuyamba ndi ulemu wambiri, n'kupempha kukufunsani mafunso ochepa "kuti atsimikize akaunti yanu," akugwiritsa ntchito chizolowezi chathu chololeza. Mukhoza kumva funso lake, koma kumbukirani kuti kumva sikuyankha. Nambala yachinsinsi ya Airtel Money, ya Mpamba kapena ya kubanki siuzidwa munthu aliyense pafoni, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku kampaniyo. Kwa mlendo wotere, "Ndinu ndani, ndipo mukuimba kuchokera kuti?" ndi yankho loyenera kuposa "funsani."

Yachitatu ndi pamene funso latuluka ndipo laonetsa kuti munthu ali pa ngozi: mwana amene akuchitidwa nkhanza, mnzanu amene akufunsa mozungulira za kudzipha, mayi amene akufunsa ngati kumenyedwa kotere n'kwa m'banja mulimonse. Kuloleza kwachita ntchito yake potulutsa nkhaniyo, ndipo apa kungoti "eee" sikukwaniranso. Mufunseni molunjika ngati ali otetezeka usiku umenewo, musamusiye yekha ngati akuganiza zodzivulaza, ndipo mupite naye kuchipatala kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ochitidwa nkhanza. Ku Malawi nkhani za ana zikhoza kunenedwanso poimba nambala yaulere ya 116, ndipo wamkulu amene wamva nkhaniyo akhoza kuimba yekha m'malo mwa mwanayo.